Chomwe ndinapeza m'chitini cha amalume

Amalume anga ankasunga mankhwala awo a chifuwa chachikulu m'chitini chakale cha mkaka wa ufa, pamwamba pa kabati. Tsiku lomwe ndinachitsitsa n'kuchitsegula ndinapezamo mapaketi a mitundu iwiri, ena osatsegula n'komwe, ena otsala theka. Ndinawayala pamphasa n'kuyamba kuwerenga. Anali mapiritsi a masabata asanu ndi awiri, omwe khadi lawo la kuchipatala linkasonyeza kuti anamwedwa kale.

"Amalume, nanga awa?"

"Amenewo ndi osungira, mphwanga. Ndikamva kuti chifuwa chikufuna kuyambiranso ndimamwako masiku awiri kapena atatu, basi chimaleka. Ukamamwa tsiku ndi tsiku thupi limazolowera, ndiye mankhwala sagwiranso."

Ankanena ndi mtima woona. Iwo ankadziona ngati munthu wosamala, wodziwa kusunga chinthu chosowa, monga momwe ankasungira mbewu ndi feteleza. Ine ndimagwira ntchito mu labotale ya chipatala, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yanga yakhala yoyeza makhololo a anthu omwe akuganiziridwa kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Mawu akuti thupi limazolowera ndawamva kwa odwala, kwa magadiyani, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino. Ndikufuna ndifotokoze chomwe chimachitika kwenikweni, chifukwa mawu amenewa ndi omwe anawasocheretsa amalume.

Thupi la munthu silizolowera mankhwala opha mabakiteriya. Mankhwalawo salimbana ndi thupi lanu, amalimbana ndi tizilombo tomwe tili m'thupimo. Akasiya kugwira ntchito ndiye kuti tizilombo tomwe muli nato lero si tofanana ndi tomwe munali nato poyamba. Ndipo kusinthaku sikuti kachilombo kalawa mankhwala n'kuchenjera. Kachilombo kalibe nzeru. Chomwe chimachitika chikufanana ndi zomwe amadziwa aliyense amene anathirapo mankhwala a anankafumbwe m'chimanga mopereweza: ofooka amafa, olimba ochepa amatsala, ndipo otsalawo ndi omwe amaswana. Pakapita nthawi thumba lonse ladzaza zidzukulu za olimba aja.

Funso n'lakuti olimbawo amachokera kuti. Bakiteriya amaswana podzigawa pawiri. Asanagawike amayenera kukopera malangizo onse a chibadwa chake, kuti mwana aliyense atenge ake. Kukopera kumeneku kumalondola pafupifupi nthawi zonse, koma mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimalakwika. Zolakwika zambiri zilibe ntchito, zina zimapha kachilomboko. Koma mwa mwayi chabe, cholakwika china chimagwera pamalo penipeni pomwe mankhwala amagwira. Mwachitsanzo, mankhwala a rifampisini amapha kachilombo ka chifuwa chachikulu pomatirira pa kachipangizo komwe kachilomboko kamawerengera malangizo ake. Kachipangizoko kakasintha maonekedwe pang'ono chabe, mankhwala amasowa pogwira, ngati kiyi yemwe loko wake wasinthidwa. Mankhwala a aisoniyazidi nawo amalowa m'kachilombo ali osapsa, ndipo kachilomboko ndi komwe kamawasandutsa poizoni ndi chipangizo chake china. Kachilombo kobadwa ndi chipangizo chimenecho chili chopunduka kamameza mankhwalawo osafa.

Zonsezi zimachitika munthu asanamwe piritsi ngakhale limodzi. Tizilombo tosamva mankhwala timakhalamo kale, tochepa kwambiri, tobisika m'chigulu.

Kuchepa kwake kunayezedwa. Mwa tizilombo ta chifuwa chachikulu pafupifupi miliyoni imodzi, kamodzi kamabadwa kosamva aisoniyazidi. Kosamva rifampisini n'kosowa kwambiri, kamodzi mwa mamiliyoni 100. Manambala otere savuta kuwalemba koma amavuta kuwaona m'mutu, choncho ine ndimawayesa ndi chimanga. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi maso a chimanga pafupifupi 150,000. Kamodzi mwa miliyoni ndi diso limodzi lofiira m'matumba asanu ndi awiri. Kamodzi mwa mamiliyoni 100 ndi diso limodzi m'matumba oposa 600. Mungati n'zosadetsa nkhawa. Koma munthu amene chifuwa chamudya mapapo mpaka kuboola mphako, monga zinalili ndi amalume, amatha kukhala ndi tizilombo mamiliyoni 100 kapena kuposerapo m'mphako imodzi yokha. Ndiye kuti tsiku lomwe anayamba mankhwala, m'chifuwa mwawo munali kale tizilombo pafupifupi 100 tosamva aisoniyazidi, ndi kamodzi kapena tiwiri tosamva rifampisini.

Apa ndi pomwe pagona nzeru yonse ya mankhwala a chifuwa chachikulu. Kachilombo kosamva aisoniyazidi kamaphedwa ndi rifampisini. Kosamva rifampisini kamaphedwa ndi aisoniyazidi. Kuti kachilombo kapulumuke zonse ziwiri, zolakwika ziwirizo ziyenera kugwera kachilombo kamodzi nthawi imodzi, ndipo mwayi wake ndi miliyoni kuchulukitsa ndi mamiliyoni 100, nambala ya 1 wotsatidwa ndi maziro 14. M'chimanga muja, ndi diso limodzi m'matumba oposa mamiliyoni 600. Palibe munthu amene chifuwa chake chingasunge tizilombo tochuluka choncho. Ndiye chifukwa chake wodwala amapatsidwa mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi kwa miyezi iwiri yoyamba, omwe pakhadi amalembedwa kuti RHZE, kutanthauza rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo. Kenako amapitiriza ndi awiri oyambawo, RH, kwa miyezi inayi.

Nzeru imeneyi anthu anaigula ndi maliro. Mankhwala oyamba ochiza chifuwa chachikulu, sitireputomaisini, anapezeka ku America mu 1943. Madokotala a ku Britain atawayesa pa odwala n'kutulutsa zotsatira mu 1948, anaona kuti odwala ankayamba kuchira bwino kwambiri, koma pakangopita miyezi yochepa ambiri ankapezeka ndi tizilombo tosamvanso mankhwalawo. Odwalawo sankadumphitsa, ankabayidwa jekeseni ali m'chipatala. Vuto linali loti mankhwala anali amodzi okha, ndipo ankangopeta tizilombo, kusiya tolimba. Ataphatikiza ndi mankhwala achiwiri vutolo linachepa kwambiri. Kuyambira pamenepo lamulo lake ndi limodzi: kachilombo ka chifuwa chachikulu kasakumane ndi mankhwala amodzi ali okha.

Munthu amene amamwa modumphadumpha amaswa lamulo limeneli asakudziwa, ngakhale piritsi lake lili ndi mankhwala anayi mkati. Ndikufuna ndiyende pang'onopang'ono apa, potsata zomwe amalume anachita.

Anayamba mankhwala bwinobwino. Pakutha pa masabata atatu malungo a usiku anasiya, thukuta linasiya, chilakolako cha chakudya chinabwerera. Izi n'zoona ndithu, sankadzinamiza. Aisoniyazidi ndi wachangu modabwitsa: m'masiku awiri oyambirira okha amapha pafupifupi 90 mwa tizilombo 100 tilitonse tomwe tikuswana msanga, ndipo tizilombo timeneti ndi tomwe timayambitsa kutsokomola ndi kutentha thupi. Koma si tizilombo tonse tomwe timakhala tikuswana. Tina timakhala chigonere m'timabala touma ta m'mapapo, momwe mpweya ndi wochepa, tina mkati mwa maselo a thupi omwe anatimeza. Timeneti timadzuka mwa apo ndi apo, kanthawi kochepa, n'kugonanso. Mankhwala ambiri amapha kachilombo kakamagwira ntchito, choncho kogona sakakhudza. Miyezi isanu ndi umodzi ija ndi yodikirira kuti kalikonse kakangodzuka kapeze mankhwala ali kale m'magazi. Rifampisini ndi pirazinamaidi ndi omwe amagwira ntchito yosaka togona imeneyi, ndipo asanabwere awiriwa anthu ankamwa mankhwala chaka ndi theka kapena kuposa.

M'sabata yachisanu ndi chimodzi inakwana nthawi yokolola fodya, ndipo amalume anayamba kudumphitsa. Ankati mapiritsiwo amawapatsa njala yoopsa komanso kuphwanya m'mawondo, zomwe n'zoona, pirazinamaidi amapweteketsa molumikizana mafupa. Koma ankapitabe kukatenga mankhwala pa tsiku lake, chifukwa sankafuna kukhumudwitsa alangizi a zaumoyo, ndipo khadi ankalichonga okha. Kuyambira pamenepo anayamba njira yawo ija, yomwa masiku awiri kapena atatu chifuwa chikavuta, n'kusiya sabata imodzi kapena awiri.

Tsopano taonani zomwe masiku awiriwo amachita. Mwa mankhwala anayi aja, amene amapha kwambiri m'masiku awiri oyamba ndi aisoniyazidi. Enawo amachedwerapo kuyamba kuonetsa mphamvu. Munthu akamwa masiku awiri n'kusiya, zili pafupifupi ngati wamwa aisoniyazidi yekha. Tizilombo tomumva timafa tambirimbiri, tosamumva tija timatsala tambiri. Akasiya, zonse zimaswananso pamodzi, koma tsopano gawo la tosamva lakula. Ngati poyamba kanali kamodzi mwa miliyoni, pambuyo pa ulendo umodzi kangakhale kamodzi mwa 100,000. Ulendo wachiwiri, kamodzi mwa 10,000. Wachitatu, kamodzi mwa 1,000. M'thupi lenileni siziyenda mwa masamu osalala choncho, chifukwa mankhwala enawo amaphako ena ndipo chitetezo cha thupi chimathandizako, koma njira yake ndi yomweyo. Ulendo uliwonse womwa n'kusiya ndi kupeta kumodzi, ndipo chotsala m'lichero chimanka chifanana.

Palinso china. Piritsi likamezedwa, mankhwala ake sachoka m'thupi nthawi imodzi, ndipo akachoka tizilombo sitidzuka nthawi imodzi. Kachilombo komwe kanakomoka ndi aisoniyazidi kamatenga masiku kuti kayambirenso kuswana, pomwe kosamumva kamakhala katayamba kale. Pa mpikisano wodzazanso mphako ija, tosamva timanyamuka tisanayambe tinzake.

Miyezi iwiri itakwana pakhadi, amalume anasinthidwira ku mapiritsi a RH, a mankhwala awiri okha. Kwa munthu amene wamwa mokhulupirika, pofika pamenepa tizilombo tatsala tochepa kwambiri, ndipo mankhwala awiri ndi okwanira kumaliza. Kwa amalume mphako inali itadzazanso, ndipo tizilombo tambiri mwa timeneti tinali tosamva aisoniyazidi. Ndiye m'piritsi la mankhwala awiri, amene ankagwira ntchito anali rifampisini yekha, akulimbana ndi tizilombo mamiliyoni ambiri. Masamu a matumba mamiliyoni 600 aja anali atagwa. Panangotsala masamu a matumba 600, ndipo matumba 600 m'chifuwa mwawo analimo. Kachilombo kamodzi kosamva aisoniyazidi kale, komwe kanalakwitsanso chilembo pa kachipangizo ka rifampisini, kanapeza munda wonse walimidwira iko. Kachilombo ka chifuwa chachikulu kamagawika pafupifupi kamodzi pa tsiku, pang'onopang'ono poyerekeza ndi mabakiteriya a m'matumbo omwe amatha kugawika pa mphindi 20 zilizonse. Komabe kugawika ka 27 kokha n'kokwanira kuti kamodzi kafike mamiliyoni oposa 100.

Umo ndi momwe chifuwa chachikulu chosamva mankhwala chimapangidwira: osati kamodzi n'kamodzi, koma makwerero awiri, loyamba aisoniyazidi, lachiwiri rifampisini. Chomwe chimandiwawa ndikaganiza ndi chakuti akanangosiya mankhwala onse tsiku limodzi n'kusawakhudzanso, matenda akanabwerera ndithu, ndipo akanatha kuwapha kapena kupatsira ena, koma mwayi unali waukulu woti tizilombo tobwererato tikanamvabe mankhwala akale. Chitini chija, chomwe iwo ankachiyesa chitetezo, ndi chomwe chinawononga kwambiri.

Kodi tikanadziwa bwanji? Zizindikiro zinalipo. Rifampisini amasandutsa mkodzo kukhala wofiirira ngati madzi a malalanje, ndipo gadiyani wochenjera amatha kudziwa ndi chimenechi ngati wodwala wamwa mankhwala tsiku limenelo. Sikelo imanenanso zoona: munthu amene mankhwala akumugwira amanenepa mwezi ndi mwezi, ndipo amalume anakwera makilogalamu atatu n'kuima, kenako n'kuyamba kutsika. Ndiye pali makhololo, omwe amayezedwa pakutha pa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Apa ndiyenera kunena malire a ntchito yanga. Pa maikulosikopu, nditapaka utoto, ndimaona tizilombo ngati timizere tofiira, koma kuti ndione ngakhale kamodzi pamafunika tizilombo 5,000 mpaka 10,000 m'mililita imodzi ya makhololo. Ndikalemba kuti sindinaone kanthu, sizitanthauza kuti munthu wachira. Ndipo ndikationa, diso langa silingasiyanitse komva mankhwala ndi kosamva, timaoneka chimodzimodzi. Amalume anayeza mwezi wachiwiri atangomwa mankhwala masiku angapo motsatizana poopa kukalipiridwa, anapereka makhololo a malovumalovu, ndipo zotsatira zinatuluka zabwino. Izi zinawatsimikizira kuti njira yawo ikuyenda.

Chomwe chinaulula ndi makina a GeneXpert, omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse linawavomereza mu 2010. Makinawa sayang'ana maonekedwe a kachilombo, amawerenga malangizo ake a chibadwa, pamalo penipeni paja pomwe rifampisini amagwira, ndipo pakatha maola awiri amanena ngati chilembo chasintha. Nditapeza chitini chija ndinawatenga amalume mawa lake. Pepala linatuluka ndi mawu omwe ndawawerengera anthu ena kambirimbiri: MTB DETECTED, Rif resistance DETECTED, kutanthauza kuti kachilombo ka chifuwa chachikulu kapezeka ndipo sikamva rifampisini. Ndinawafotokozera tili pabenchi panja.

"Ndiye andipatsa amphamvu tsopano?" anafunsa.

"Ayi amalume. Amphamvu ndi omwe aja munali nawo. Otsalawa ndi ofookerapo, owawa, ndipo mumwa nthawi yaitali."

Anthu ambiri amaganiza ngati amalume, kuti mankhwala a mzere wachiwiri ndi akuluakulu osungidwira matenda ovuta. Pa nthawi imeneyo zinali zosiyana. Anali mankhwala akale omwe anaikidwa pambali chifukwa sankapha bwino ndipo ankavulaza. Amalume anamwa mapiritsi odzaza dzanja kwa miyezi 20, ndipo miyezi yoyambirira ankabayidwa jekeseni ya kanamaisini pafupifupi tsiku lililonse. Jekeseni imeneyi imawononga timinyewa ta mkati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Lero zinthu zasinthako. Jekeseni ija inachotsedwa pa malangizo, ndipo mu 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse linavomereza njira ya miyezi isanu ndi umodzi ya mapiritsi okhaokha, yokhala ndi mankhwala atsopano monga bedakwilini ndi piretomanidi. Ndi nkhani yabwino kwambiri. Koma masamu a chimanga aja amagwiranso pa mankhwala atsopanowa, ndipo tizilombo tosamva bedakwilini tayamba kale kupezeka m'maiko ena.

Komwe njira imeneyi imathera tinakuona ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Mu 2005 ndi 2006 madokotala kumeneko anapeza odwala 53 omwe chifuwa chawo sichinkamva mankhwala oyamba ngakhalenso ofunika a mzere wachiwiri. Mwa anthu 53 amenewa, 52 anamwalira, theka la iwo pasanathe masiku 16 chiperekereni makhololo. Onse omwe anayezedwa magazi anali ndi kachilombo koyambitsa Edzi. Ndipo ambiri mwa iwo anali asanamwepo mankhwala a chifuwa chachikulu m'moyo wawo. Sanadumphitse kanthu. Anangopuma mpweya wa munthu wina.

Pali chinthu chomwe sindingachibise, chifukwa ena mwa inu munachimvapo. Mu 2017 madokotala ena a ku Britain analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ kuti uthenga wakuti malizani mankhwala onse ulibe umboni wokwanira pa matenda ambiri a tsiku ndi tsiku, ndipo kuti kumwa mankhwala opha mabakiteriya nthawi yaitali mosafunikira ndi komwe kumachulukitsa tizilombo tosamva. Mfundo yawo ili ndi mutu, ndipo siitsutsana ndi zomwe ndafotokozazi. Pa chifuwa chachikulu, kachilombo komwe tikukapha ndi komwenso kamasintha, choncho kudumphitsa kumabala kusamva mwachindunji. Pa matenda ngati chibayo wamba kapena a m'chikhodzodzo, ngozi yaikulu ili pena. M'matumbo mwa munthu aliyense muli mabakiteriya osawerengeka omwe sakumudwalitsa. Kapisozi aliyense wa amokisilini amene mwameza amawapeta nawonso, kupha omva n'kusiya osamva. Ndipo mabakiteriya a m'matumbo ali ndi luso lomwe ka chifuwa chachikulu kalibe: amapatsana tizidutswa ta malangizo a chibadwa, ngakhale a mitundu yosiyana, monga momwe anthu amabwerekana khasu. Kachidutswa kamodzi kamatha kunyamula njira zozembera mankhwala atatu kapena anayi. Pa matenda oterewa, kafukufuku wasonyeza kuti masiku ochepa nthawi zambiri amachiza mofanana ndi masiku ambiri, ndipo ndiye chifukwa chake madokotala masiku ano amalemba masiku atatu kapena asanu pomwe kale ankalemba khumi.

Koma kufupikitsa kumeneko kumachitika atayeza pa odwala ambirimbiri, matenda ndi matenda, ndipo amene amasankha ndi wolemba mankhwalayo. Si chimodzimodzi ndi kusiya chifukwa mutu wasiya kuwawa. Ndipo kwathu kuno mankhwala osamalizidwa ali ndi moyo wachiwiri umene olemba a ku Britain aja sakumana nawo kwambiri. Makapisozi asanu ndi limodzi otsala sapita kudzala. Amalowa m'chitini. Mwezi wamawa mwana akagwidwa chimfine, chomwe chimayamba ndi mavairasi ndipo mankhwalawa sachikhudza n'komwe, amapatsidwa awiri. Mlamu akatsegula m'mimba amapatsidwa awiri. Ena amathira m'madzi a nkhuku. Kumsika munthu amagula bakitirimu wa masiku awiri chifukwa ndi pomwe ndalama yathera. Palibe amene wachira ndi mankhwalawo, koma matumbo a nyumba yonse apetedwa. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini, anachenjeza za zomwezi polandira mphoto ya Nobel mu 1945: kuti mankhwalawo akadzayamba kugulidwa m'sitolo ndi aliyense, anthu adzamwa mopereweza n'kuchulukitsa tizilombo tosamva.

Zotsatira zake tikuziona m'magazi a odwala. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akusunga zotsatira za magazi a odwala malungo aakulu kuyambira 1998. Mu 2003, mwa mabakiteriya a mtundu wa E. coli opezeka m'magazi, omwe anali ndi chida chophwanya mankhwala a gulu la jekeseni ya sefitiriyakisoni sankafika ngakhale 1 pa 100. Pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100, ndipo pa mtundu wina wotchedwa Klebsiella anali pafupifupi 90 pa 100. Sefitiriyakisoni ndi jekeseni yomwe timadalira khanda likabwera lili lefu ndi matenda a m'magazi. Ikakana, m'zipatala zathu zambiri mashelefu amakhala alibe china chotsatira.

Ndikamafotokozera odwala atsopano masiku ano sindiyamba ndi kuwaopseza. Ndinaona ndi amalume kuti mantha ndi omwe amachititsa munthu kuchonga khadi mwabodza. Ndimawauza kuti pakatha masabata awiri kapena atatu adzamva bwino, ndipo kumva bwinoko kudzakhala koona, koma kudzangotanthauza kuti tizilombo todzuka tafa, togona tikadalipo. Ndimawauza kuti akaiwala tsiku limodzi amwe akangokumbukira n'kupitiriza, asamwe kawiri kuti abweze. Akadumphitsa masiku ambiri anene zoona kuchipatala, chifukwa pali njira yowerengera masiku otayikawo, ndipo ngati papita miyezi iwiri kapena kuposa ayenera kuyezedwanso makhololo asanayambirenso. Kuphwanya m'mawondo ndi kutentha kwa mapazi zili ndi chithandizo chake, mapazi amathandizidwa ndi vitamini B6, ndipo si zifukwa zosiyira. Koma maso akasanduka achikasu, munthu akamasanza osaleka, khungu likatuluka zidzolo thupi lonse kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, asadikire tsiku lake, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepo dokotala akhoza kuimitsa mankhwala, ndipo adzaimitsa onse pamodzi n'kuwabwezeretsa mwadongosolo. Choopsa n'chakuti wodwala adzisankhire yekha piritsi lomwe likumuwawa n'kusiya limenelo, kapena kudula mlingo pakati kuti mankhwala akhalitse.

Ndimafunsanso za chakudya ndi za ulendo, chifukwa mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere m'zipatala za boma koma kabaza si waulere, ndipo njala yobwera ndi kuchira ndi yeniyeni m'nyumba momwe ufa ukuyezedwa ndi kapu. Munthu amene akupita kunyanja kukagwira usipa kapena ku Joni kukafuna ganyu atha kupatsidwa kalata yosamutsira chithandizo chake. Ambiri sadziwa zimenezi, amangonyamuka ndi mapiritsi otsala m'thumba.

Amalume anachira. Ali moyo, amalimabe, koma khutu lakumanzere silimva konse ndipo lakumanja muyenera kuwayandikira. Atangoyamba chithandizo chachiwiri chija, a zaumoyo anabwera kudzayeza onse a m'nyumbamo. Akazi awo analibe kanthu, anyamata awiri analibe kanthu. Msuweni wanga wamkazi, amene anali Folomu 3 nthawi imeneyo ndipo ndi amene ankawatengera phala kuchipinda m'mawa uliwonse, anali atayamba kutsokomola masabata atatu m'mbuyomo. Anali asanamwepo piritsi la chifuwa chachikulu chibadwire. Makhololo ake ndinawaika m'makina ndekha, ndipo patatha maola awiri pepala lake linatuluka ndi mizere iwiri yofanana ndi ya bambo ake.